Fayiba ndi imodzi koma ofuna kudutsamo ndi atatu, tiigawe bwanji?

"Akulu ndithandizeni. Kuntchito tili ndi fayiba ya maulusi awiri pakati pa ofesi yayikulu ndi nthambi yathu, mtunda ngati makilomita 40. Pano mukudutsa netiweki yathu ya 10G yokha. Nde kampani ina yoyandikana nafe ikufuna nayo idutsemo ndi 1G yawo koma sakufuna deta yawo isakanikirane ndi yathu, komanso tili ndi makina a mafoni a mu ofesi, PBX yakale ya E1, yomwe abwana akukana kutaya. Wina akuti tigule TDM, wina akuti WDM, kusukulu tinaphunziranso FDM koma zinandidutsa. Zikusiyana pati ndipo ife titenge iti?"

Achimwene, yankho lachidule ndi loti pa mtunda umenewo mugule mabokosi awiri a WDM ya mtundu wa CWDM, a machanelo 8, limodzi uku lina uko, aliyense mumupatse mtundu wake wa kuwala, basi. Koma musanapite kwa abwana ndi koteshoni mumve kaye chifukwa chake, chifukwa pali malo amodzi pomwe anthu amataya ndalama ndipo ndi pa masamu a dB, muyezo wa kuwala komwe kukutayika panjira, ndifikapo pansipa.

Njira zitatuzi sizili pampikisano ngati mmene amazilembera pa bolodi. Chomwe zikusiyana ndi chinthu chimene zikudula kuti anthu agawane, ndipo iliyonse ili ndi chomwe imakulipiritsani. FDM imadula fulikwensi, mumalipira ndi mipata yosiyidwa pakati pa machanelo komanso masefa. TDM imadula nthawi, mumalipira ndi wotchi, mbali zonse ziwiri ziziwerenga nthawi mofanana ndendende. WDM imadula kuwala m'mitundu, mumalipira ndi mphamvu ya kuwalako yomwe imatayika mu bokosi lililonse lomwe mwaika panjira. Mukadziwa chomwe muli nacho chambiri ndi chomwe chikukuvutani kupeza, kusankha sikuvuta.

FDM mumaidziwa kale olo munkaona ngati inakudutsani. Wailesi za FM zonse zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, zonse zikuyankhula nthawi imodzi mumlengalenga momwemo, palibe yomwe imadikira inzake imalize, kungoti a MACRA anapatsa iliyonse malo ake ndipo wailesi yanu ili ndi sefa yomwe imalola kachigawo kamodzi kulowa n'kutsekera kwina konse. Makampani a lamya kale ankachita zomwezo mu waya wakopa. Mawu a munthu pa foni amawadula kuti akhale pakati pa 300 ndi 3400 Hz, ndekuti m'lifupi ndi 3100 Hz, koma munthu aliyense ankamupatsa malo a 4000 Hz. Anthu 12 amawasanja motsatana kuyambira 60 mpaka 108 kHz n'kukhala gulu limodzi, magulu 5 oterowo n'kuwakwezanso pamwamba kukhala anthu 60 pakati pa 312 ndi 552 kHz. Nde taonani 900 Hz yotsala pa munthu aliyense ija, palibe akuyankhulamo, ili pamenepo chifukwa palibe sefa yomwe imadula molunjika ngati mpeni, iliyonse imatsetsereka pang'onopang'ono, nde mukapanda kusiya mpata mawu a uyu amatayikira kwa mnzake. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a waya likupita pa mpanda wokhawokha.

Vuto lina lalikulu la FDM yakaleyo linali ampulifaya. Siginolo ikafooka panjira mumaikweza, koma ampulifaya sadziwa kuti awa ndi mawu ili ndi phokoso, amakweza zonse, nde mukadutsa maampulifaya ambiri phokoso limangounjikana. Komanso mukaikankha mopyola mphamvu yake imayamba kusakaniza mafulikwensi awiri n'kubala achitatu omwe palibe anawatumiza, ndipo achitatuwo amakagwera mu chanelo ya munthu wosalakwa. Chizindikiro chake n'choti phokoso limakwera nthawi yomwe laini yadzaza anthu, usiku anthu akagona zonse zili bwino.

Sikuti FDM inafa ayi. Amene munagwirako ADSL, intaneti yodutsa mu waya wa lamya, kabokosi kakang'ono ka sipilita kaja ndi FDM yeniyeni: mawu pansi pa 4 kHz, deta yokwera pakati pa 25 ndi 138 kHz, yotsika kuchokera pa 138 kukafika cha ku 1.1 MHz, nchifukwa chake mukaiwala kuika kasefako foni imamveka shiii ndipo intaneti imaduka wina akanyamula foni. 4G ndi WiFi nazonso zimadula njira yawo m'timafulikwensi tambirimbiri. Koma pa vuto lanuli palibe bokosi lolembedwa FDM lomwe mungagule n'kulumikiza ku fayiba, nde iyi tiyisiye pambali kaye, ibweranso ndi dzina lina.

TDM ndi yomwe ili mu E1 ya abwana anuyo. Apa waya yense amakhala wa munthu mmodzi, koma kwa kanthawi kochepetsetsa, kenako wa wina, kenako wa wina, mpaka kuzungulira. Mawu amawayeza ka 8000 pa sekondi, muyezo uliwonse n'kuulemba ndi mabiti 8, ndekuti foni imodzi imadya 64 kbit/s. E1 ili ndi mipata 32, 32 kuchulukitsa ndi 64 ndi 2048 kbit/s, ndi komwe kumachokera 2 mega yomwe anthu amaitchula ija. Ulendo umodzi wozungulira mipata yonse 32 ndi felemu imodzi, mabiti 256, ndipo imatenga mamaikulosekondi 125. Mpata 0 ndi wonyamula chizindikiro choti felemu yayambira apa, mpata 16 nthawi zambiri ndi wa mauthenga oti foni ikulira kapena yadulidwa, otsala 30 ndi a anthu oyankhula. Ku America anatenga njira yawo ya T1 yomwe inayamba mu 1962, mipata 24 ndi 1544 kbit/s, ife kuno tinatsata ya ku Ulaya, nde pogula kadi ya PBX muziwerenga bwino kuti ndi E1.

Chosangalatsa ndi choti mu mpata mulibe adilesi. Palibe polembedwa kuti mabiti 8 awa ndi a uje. Wolandira amangowerenga kuchokera pa mpata 0, akafika pa nambala 7 amadziwa kuti awa ndi a foni yachisanu ndi chiwiri, basi. Nchifukwa chake TDM ilibe kuchedwa kosinthasintha, mawu ako amafika mamaikulosekondi 125 alionse olo laini idzaze bwanji. Koma nchifukwa chakenso imawononga malo. Zili ngati pa mjigo pomwe a komiti anena kuti banja lililonse lili ndi mphindi zake zoikika, banja la kwa aPhiri likapita kumaliro mphindi zawo zikakwana mjigo umangokhala osapopa aliyense, olo pamzere pali zidebe 20. Pa E1 yanu usiku wonse mipata 30 ikuyenda yopanda kanthu ndipo palibe kompyuta yomwe ingabwerekeko.

Ndipo poti zonse zadalira kuwerenga, wotchi ikasiyana zinthu zimaonongeka mochenjera. Lamulo limalola wotchi ya E1 kuphonya ndi 50 ppm, kutanthauza magawo 50 pa miliyoni. Zikumveka zochepa eti? Tiyeni tiwerenge. Mbali ziwiri zikasiyana ndi 50 ppm, pa mabiti 2,048,000 pa sekondi ndekuti mbali imodzi ikutumiza mabiti pafupifupi 102 owonjezera sekondi iliyonse kuposa omwe inzake ikuchotsa. Felemu ndi mabiti 256, nde pakangotha masekondi awiri ndi theka felemu yathunthu yaunjikana ndipo wolandira amaitaya, kapena ngati iye ndi amene akuthamanga amaibwereza. Ichi ndi chomwe pa sikirini amalemba kuti slip. Laini siigwa, magetsi onse ndi obiriwira, anthu oyankhula amangomva ka "thi" patalipatali mwina osamva n'komwe, koma fakisi ndi modemu zimangoduka popanda chifukwa chooneka ndipo anthu amatha masiku akusintha mawaya osalakwa.

E1 zikachuluka amaziunjika mu SDH, komwe STM-1 ya 155.52 Mbit/s imanyamula ma E1 okwana 63. Ndikuganiza mnzanu wonena kuti mugule TDM uja amatanthauza bokosi la mtundu umenewu, lokhala ndi madoko a E1 ndi a Ethernet pamodzi. Ine sindingakulangizeni. Ndi zida zomwe makampani ambiri akuzichotsa, zimafuna munthu wodziwa kuziseta, zimafuna magetsi mbali zonse, ndipo kuti netiweki yanu ya 10G ikwanemo mukufuna STM-64, ndalama zake abwana akomoka.

Pali TDM ina yomwe simunaitchule koma mukuigwiritsa kale ntchito. Ethernet nayo imagawa nthawi, paketi imodzi imadutsa kenako ina, kungoti palibe mpata woikika, yemwe ali ndi katundu ndi amene amalowa, nchifukwa chake paketi iliyonse imanyamula adilesi. Malo saonongeka, koma anthu akachuluka pamakhala mzere ndipo kuchedwa kumasinthasintha. Ndikunena izi chifukwa njira yotchipa kuposa zonse pa vuto lanu ndi kungowapatsa aneba anuwo VLAN pa suwichi yanu, osagula bokosi lililonse. Ikugwira bwinobwino ngati onse pamodzi simukudzaza 10G. Koma mwanena kuti sakufuna kusakanikirana, ndipo ndikuwamvetsa: pa VLAN deta yawo ikudutsa mu suwichi yanu, inu mukalakwitsa seting'i kapena mukaizimitsa kuti muikonze nawonso agwa, magetsi akathima kwanu jenereta n'kukana kulira nawonso ali mumdima. Ndipo tsiku lililonse intaneti yawo ikachedwa foni yoyamba izilira ndi yanu.

Apa ndi pomwe WDM ikulowera. Kunena zoona ndi FDM yomwe ija, kungoti mafulikwensi ake ndi a kuwala, 1550 nm ndi pafupifupi 193 THz, ndipo anthu a fayiba anazolowera kutchula utali wa funde m'malo mwa fulikwensi. Timati mitundu koma maso saiona, nde musayerekeze kusuzumira mu konekita kuti muone ngati mukutuluka kuwala, simuona kanthu koma diso likupsa. Leza ya aliyense imawala pa utali wakewake, bokosi la maksi limaphatikiza zonse mu ulusi umodzi, kutsidya bokosi linzake limazilekanitsa ndi timasefa tagalasi. Mu bokosimo mulibe magetsi, mulibe fani, mulibe sofutiweya, silidziwa n'komwe ngati chomwe chikudutsa ndi Ethernet ya 10G, ya 1G kapena E1. Aliyense ali ndi wotchi yake ndi liwiro lake, ndipo mnzako akadzaza chanelo yake mpaka pakamwa iwe sumva kanthu. Mu TDM mukaonjezera munthu aliyense gawo lake limachepa kapena zida zonse zithamange kwambiri, mu WDM mukaonjezera munthu fayiba ndi yomwe yanyamula zambiri.

Ilipo ya mitundu iwiri. CWDM ili ndi machanelo 18 kuyambira 1271 mpaka 1611 nm, otalikirana ndi 20 nm. Mpata waukulu chonchi ndi dala, chifukwa leza yotchipa yopanda choziziritsa imasuntha pafupifupi 0.1 nm pa digiri iliyonse ya kutentha, nde kabineti ikatentha mu Okutobala kuchoka pa 20 kufika 50 leza yasuntha ndi 3 nm koma ikadali mkati mwa sefa yake. Ndi mpanda womwe uja wa 900 Hz, wangobwera mu maonekedwe ena. Ambiri amagwiritsa ntchito 8 apamwamba okha, 1471 mpaka 1611, chifukwa kumunsi kuwala kumatayika kwambiri pa kilomita, ndipo fayiba yakale imamwa kwambiri kuwala cha pa 1383 nm. DWDM imapanikiza machanelo pa 100 GHz kapena 50 GHz, ndekuti 0.8 kapena 0.4 nm, kuwerengera kuchokera pa 193.1 THz, nde machanelo 40, 80 olo 96 amakwana pakati pa 1530 ndi 1565 nm. Leza zake zimafuna kusungidwa pa kutentha kumodzi nchifukwa chake zimadula. Phindu lake lenileni ndi loti kachigawo ka 1530 mpaka 1565 ndi komwe ampulifaya wa EDFA amagwira, chida chimodzi chimakweza machanelo onse pakamodzi osawasandutsa magetsi. Ndi mmene zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010 zimayendera makilomita masauzande, zomwe ife opanda gombe la nyanja yamchere timakazipeza kudzera m'maiko oyandikana nafe. CWDM siingakwezedwe chonchi, machanelo 8 aja atambalala 140 nm pomwe EDFA akufika 35 nm yokha. Ndekuti mphamvu yomwe leza yatulutsa ndi yomweyo basi, iyenera kukwana ulendo wonse.

Nde tiyeni tiwerenge za inu. Manambala awa ndi oyerekezera mosamala, enieni muwatenge pa pepala la zida zomwe mukugula komanso poyeza fayiba yanu.

Fayiba cha ku 1550 nm tiiwerengere 0.25 dB pa kilomita, makilomita 40 ndi 10 dB. Majoini owotcherera, tinene 10 pa 0.1 dB iliyonse, ndi 1 dB, ndipo ngati chingwecho chinadulidwapo ndi okumba ngalande majoini ndi ambiri kuposa apa. Makonekita anayi pa 0.5 dB ndi 2 dB. Mpaka apa ndi 13 dB, ndipo iyi ndi yomwe linki yanu ikulimbana nayo lero. Tsopano ikani maksi uku ndi maksi uko, bokosi la machanelo 8 limadya cha m'ma 2.5 dB, awiri ndi 5 dB, tafika 18. Siyaninso 3 dB ya mawa, chifukwa leza imakalamba ndipo chingwe chidzadulidwanso n'kulumikizidwa. Zonse 21 dB.

Mojulo, kachida kobaya mu suwichi kokhala ndi leza ndi cholandirira, ikakhala ya 10G yolembedwa kuti 40 km nthawi zambiri imapirira cha m'ma 14 kapena 15 dB basi. Mwaona vuto? Munthu amaona kuti mtunda ndi 40 n'kugula ya 40, popanda maksi imayaka movutikira, akangoika mabokosi linki osadzuka, kapena choipa kwambiri imadzuka koma ikungotaya mapaketi. Makilomita olembedwa pa mojulo aja amawerengera fayiba yoyera yopanda bokosi panjira. Inu mukufuna ya 80 km, yomwe imapirira cha m'ma 23 dB, nde pa 21 mwakwana ndi kachenje pang'ono. Musamagule ndi makilomita, tengani mphamvu yochepetsetsa yomwe leza imatulutsa muchotsepo mphamvu yochepetsetsa yomwe cholandirira chimamva, zotsalazo ndi ndalama zanu zogulira ulendo. Ndipo kumbukirani kuti 3 dB iliyonse ndi theka la kuwala, ndekuti 5 dB ya mabokosi ija yakudyerani magawo awiri mwa atatu a kuwala komwe kukanafika.

Chenjezo pa ma 80 km amenewa: cholandirira chake n'chomva kwambiri ndipo chimadzazidwa kuwala kukapyola cha m'ma -7 dBm, pomwe leza yake ikutulutsa 0 dBm kapena kuposa. Mukati muyese pa tebulo ndi kachingwe ka mamita awiri mutha kuchiwotcha. Ikani atenyuweta, kachida kochepetsa kuwala, ya 10 kapena 15 dB pakati.

Pogawa mitundu, 10G yanu muiike pakati, 1531 kapena 1551, komwe fayiba imataya pang'ono. Aneba a 1G apatseni 1511 kapena 1571, mojulo za 1G zimapirira zambiri nde sizivuta. Ya 1611 muisiye komaliza chifukwa ndi yomwe imathawa msanga chingwe chikapindika. Aneba abweretse suwichi yawo ndi mojulo yawo ya mtundu womwe mwawapatsa, inu mungowapatsa doko pa bokosi. Mojulo yanu yapano ngati ndi wamba, yopanda mtundu wa CWDM, musaidalire kuti idutsa bwino mu sefa, gulani ya mtundu wake. Ena amalemba 1550 ena 1551 pa chanelo yomweyo, musadabwe nazo. Chinanso chomwe chimasokoneza anthu, cholandirira cha mojulo sichisankha mtundu, chimamva kuwala kulikonse komwe kwafika, wosankha ndi sefa ya mu bokosi. Nde mojulo ya 1531 mukaibaya pa doko la 1551 kuwala kwake kumafera mu sefa momwemo ndipo kutsidya muona ngati fayiba yaduka. Mabokosi omwe ndikunenawa ndi a maulusi awiri, umodzi wopita wina wobwera, mtundu womwewo mbali zonse. Alipo a ulusi umodzi koma pamenepo munthu aliyense amadya mitundu iwiri ndipo mabokosi ake ndi A ndi B, simungagule awiri ofanana.

Zikavuta, kayang'aneni kaye mphamvu yomwe mojulo iliyonse ikulandira. Pa suwichi ya Cisco kapena pa Linux:

```
show interfaces transceiver detail
ethtool -m eth0
```

Lembani manambala a Rx tsiku lomwe mwamaliza kulumikiza muwamate pa chitseko cha kabineti, chifukwa nambala payokha siikuuzani zambiri koma kusintha kwake. Machanelo onse akatsika pamodzi ndi mlingo wofanana, vuto lili pa njira ya onse, fayiba yakunja kapena konekita ya doko lolembedwa LINE kapena COM, ndipo kawirikawiri ndi fumbi basi, pukutani musanaimbire aliyense. Ikatsika imodzi yokha ndi mojulo yake, kachingwe kake kapena doko lolakwika. Zikatsika zonse koma za utali waukulu monga 1591 ndi 1611 zatsika kwambiri kuposa 1471, penapake chingwe chapindika kapena chapanikizika, mwina wina watseka chitseko pa kachingwe kapena wamanga tayi mwamphamvu. Ndipo mita wamba yoyezera kuwala mukaiika pa doko la LINE imaphatikiza mitundu yonse, machanelo 8 ofanana amaoneka 9 dB pamwamba pa imodzi, nde mutha kuona nambala yokongola pomwe chanelo imodzi yafa. Yezani kuseri kwa bokosi, doko ndi doko.

Mwina mufunsa bwanji osangopita ku DWDM kamodzi. Ngati mukuona kuti m'zaka zikubwerazi mudzapyola anthu 8, kapena fayiba idzatalikitsidwa kufika komwe kukufunika ampulifaya, yambirani konko, mabokosi ake opanda magetsi aliponso ndipo masamu a dB ndi omwewa. Koma kwa anthu atatu pa makilomita 40 ine ndikuona ngati n'kungowonjezera mtengo wa mojulo iliyonse popanda chomwe mukupindula.

Kuti muone kuti zitatuzi zimakhalira limodzi, tengani GSM, netiweki ya mafoni a m'manja ya 2G. Kampani imapatsidwa mafulikwensi a 200 kHz iliyonse, imeneyo ndi FDM, ndipo mu iliyonse muli mipata 8 ya nthawi yozungulira mamilisekondi 4.615 alionse, imeneyo ndi TDM. Foni imayatsa n'kuzimitsa chotumizira chake ka 217 pa sekondi, nde phokoso la "dididi-dididi" lomwe limamveka mu sipika foni ikatsala pang'ono kulira ndi TDM imeneyo mukuimva ndi makutu. Fayiba ya m'nyumba ya GPON nayo chimodzimodzi, kutsika ndi 1490 nm kukwera ndi 1310 nm mu ulusi umodzi, koma pokwera nyumba 32 kapena 64 zimasinthana nthawi pa mtundu umodzi womwewo, ndipo kabokosi ka nyumba imodzi kakaonongeka n'kusiya leza yoyaka osazima mzere wonse umagwa. Pa CWDM yanu mnzanu sangakugwetseni mwa njira imeneyo, sefa ikumutsekera.

Tsopano PBX ya abwana. Funsani kaye ngati ili ndi kadi ya SIP, njira yoyendetsera mafoni mu netiweki ya deta, kapena ingathe kuikidwa kabokosi kosandutsa E1 kukhala SIP, ngati zili choncho mafoni alowe mu 10G yanu ndipo nkhani yatha, mafoni 30 onse akuyankhula pakamodzi sadya olo 3 mega. Ngati ayi, pali njira ziwiri. Mutha kuilowetsa E1 mu mapaketi n'kuitulutsa kutsidya, zimatheka, koma wotchi ija tsopano iyenera kuganiziridwa kuchokera pa mmene mapaketi akufikira ndipo netiweki ikadzaza ma slip amayamba. Kapena mugule timakonveta tiwiri ta E1 kupita ku fayiba tokhala ndi doko la SFP lobayamo mojulo, muikemo mojulo ya CWDM yomwe wopanga konvetayo wavomereza, muipatse mtundu wakewake, tinene 1491. Inde ndi 2 mega yokha pa njira yomwe ikanatha kunyamula 10,000, pa pepala ndi kuwononga koopsa, koma muli ndi madoko 8 ndipo ogwiritsa ntchito ndi atatu, enawo angokhala ndi zotsekera fumbi. Ine ndingasankhe iyi, E1 imayenda monga inapangidwira popanda mzere uliwonse.

Mukailumikiza, wotchi ikhale ndi mwini mmodzi. Ngati PBX ya ku ofesi yayikulu ilinso ndi laini yochokera ku kampani ya mafoni, itenge wotchi kumeneko, kenako iyo ipereke ku nthambi, ndipo ya ku nthambi ingotsatira. Ngati E1 ikuthera pa rauta ya Cisco, mbali yotsatira imakhala chonchi:

```
controller E1 0/0/0
 clock source line
```

Mbali yopereka ndi yomwe imakhala `clock source internal` ngati palibe kwina kotenga. Zonse ziwiri zikakhala internal nde masekondi awiri ndi theka aja akupezani. Makonveta nawonso amakhala ndi timasuwichi tosankhira wotchi, onani kuti sakuika yawoyawo pakati. Onaninso kuti CRC4 ndi yoyatsa mbali zonse kapena yozimitsa mbali zonse, ikasiyana laini imatha kukana kudzuka olo kuwala kukufika bwinobwino. Kenako lembani `show controllers e1`, siyani ola lathunthu, mubwerenso muone pa Slip Secs. Ikakhala pa 0 mwamaliza, ikamakwera pang'onopang'ono mosadumpha ndi wotchi, musavutike kukwera makwerero kukayang'ana fayiba.